Nyimbo yaulere nayo ili ndi mwini wake: mafunso atatu musanaiike mu vidiyo yanu

Masiku ano achinyamata ambiri a pa Mitundu ndi pa Nathenje tikujambula mavidiyo ndi foni basi. Ena ndi a sewero, ena amajambula maukwati ndi zinkhoswe, ena amapangira timalonda eni mashopu, masaluni ndi matelala n'kupezapo kangachepe. Kujambula tikukutha, kudula ndi kulumikiza zithunzi tikukuthanso. Pomwe ambiri amagwa ndi pa nyimbo. Munthu watha bandulo yake, wagona mochedwa akukonza vidiyo, m'mawa akupeza Facebook yaitseka mawu, kapena YouTube yalembapo Copyright claim. Ngati vidiyoyo inali ya kasitomala amene analipira kale, ndiye kuti pali mkangano, mwinanso kubweza ndalama zomwe zinadyedwa kale.

Ine ndimagwira ntchito zoterezi, ndipo zomwe ndikufuna kufotokoza ndi chinthu chimodzi chokha. Nyimbo yomwe mwaitsitsa ulere siikhala yanu. Chomwe mwalandira ndi chilolezo, chomwe chimatchedwa layisensi, ndipo chilolezo chilichonse chili ndi malire. Mukadziwa kuwerenga malirewo, mavuto ambiri mwawazemba.

Mawu oti royalty-free amatanthauza chiyani

Woimba akatulutsa nyimbo, amayenera kulandira ndalama nthawi iliyonse yomwe nyimboyo yagwiritsidwa ntchito pagulu. Kuno kwathu ntchito yotolera ndalama zimenezi imagwiridwa ndi bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Limatolera ku mawayilesi ndi malo ena omwe amaimba nyimbo pagulu, kenako n'kugawira eni nyimbo. Lamulo lomwe likugwira ntchito pano loteteza umwini wa ntchito zaluso ndi la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989.

Mukaona pa intaneti palembedwa royalty-free, tanthauzo lake ndi lakuti simuzilipira mobwerezabwereza nthawi iliyonse vidiyo yanu ikaonetsedwa. Basi, ndi zomwezo. Sizikutanthauza kuti nyimboyo ilibe mwini, komanso sizikutanthauza kuti nthawi zonse ndi yaulere. Ina mumalipira kamodzi, ina mumalipira mwezi ndi mwezi, ina simulipira ndalama koma mumalipira polemba dzina la mwini wake. Zili ngati kubwereka njinga ya mnzako. Akakuuza kuti pita nayo kuchigayo, sizikutanthauza kuti uyambe nayo kabaza mpaka ku Bunda.

Nyimbo yopanda mwini weniweni ndi yomwe nthawi yake yotetezedwa inatha. M'Malawi muno, umwini umakhalapo moyo wonse wa wopeka, kuonjezerapo zaka 50 atamwalira. Koma apanso pali msampha, chifukwa nyimbo imodzi imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri: wa amene anaipeka, ndi wa amene anaijambula. Beethoven anamwalira mu 1827, ndiye nyimbo zomwe anapeka ndi za aliyense. Koma gulu lomwe laimba ndi kujambula nyimbo yakeyo posachedwa lili ndi umwini pa zomwe lajambulazo. Mukatenga zimenezo, mwatenga za eni.

Mafunso atatu

Layisensi ikhoza kukhala yaitali masamba asanu, yolembedwa m'Chingerezi cha maloya, koma inu mukufunamo mayankho atatu okha.

Loyamba: ikundilola kuika vidiyoyi pati? Pali malayisensi omwe amagwira pa tsamba limodzi lokha.

Lachiwiri: ikundilola kupangira ndalama? Apa musaganize za ndalama zochokera ku YouTube kapena Facebook zokha. Ambirife ndalama zathu zimachokera kwa mwini shopu amene watilipira kuti timutsatsire malonda. Imeneyonso ndi bizinesi, ngakhale akulipireni pa Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale ikhale ndalama yochepa.

Lachitatu: ikufuna ndichite chiyani? Nthawi zambiri ndi kulemba dzina la mwini nyimbo mwanjira yomwe iye wanena.

Kuti zimveke bwino, tiyeni tiyese mafunsowa pa ntchito imodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiyerekeze: vidiyo ya shopu ya mbewu pa Nathenje

Tiyerekeze kuti mvula yayandikira, ndipo mayi wina amene ali ndi shopu ya mbewu ndi feteleza m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje wakupatsani K40,000 kuti mumupangire vidiyo ya masekondi 60. Mwagwirizana kuti muiika pa tsamba lanu la Facebook, pa TikTok ndi pa YouTube. Iwonso akufuna fayilo kuti aziika pa WhatsApp ndi kutumiza m'magulu a alimi. Ndiye kuti vidiyoyi ndi yamalonda, ndipo iyenda malo anayi. Mukufuna nyimbo yapansipansi, ndi timaphokoso tiwiri: mvula ndi tambala.

Maganizo oyamba amakhala oika nyimbo ya woimba wa kuno yomwe yavuta m'maminibasi. Mayiwo mwina anenanso okha kuti, "Achimwene, muikemo ija ikumveka paliponse ija." Apa yankho ndi lakuti ayi, pokhapokha mutapeza chilolezo cholembedwa kuchokera kwa eni ake onse, wopeka ndi mwini wa zojambulidwazo, amene nthawi zina amakhala kampani kapena wojambula nyimbo osati woimbayo. Kuti munaigula pa intaneti, kapena munaibernetsa pamsika, kumangokupatsani mwayi womvera. Ngakhale mwini shopu atakhala kuti amalipira ku COSOMA kuti aziimba nyimbo pamalo pake, chilolezo chimenecho ndi choimbira nyimbo pagulu. Kuimata nyimbo mu vidiyo yotsatsa malonda ndi nkhani ina, yofuna chilolezo china.

Maganizo achiwiri ndi kutenga nyimbo zomwe zili kale m'kati mwa masamba amchezowo. Meta, eni ake a Facebook ndi Instagram, ali ndi nkhokwe yotchedwa Sound Collection. Nyimbo zake ndi zaulere, zimaloledwa pa malonda, koma zimagwira pa masamba a Meta okha. TikTok ilinso ndi Commercial Music Library, yomwe inakonzedwera amalonda, koma chilolezo chake ndi cha pa TikTok. Ndiye funso lachiwiri zakhoza, koma loyamba zalephera, chifukwa vidiyo yathu ikuyenera kupita malo anayi. Mukhoza kupanga vidiyo imodzi yopanda nyimbo, n'kumaika nyimbo yosiyana pa tsamba lililonse. Zimatheka, koma ndi ntchito yambiri, ndipo fayilo yomwe mupereke kwa mwini shopu ikhalabe yopanda yankho.

Chenjezo lina pomwepa: nyimbo zotchuka zomwe mumaziona mukamaponya Reel kapena vidiyo ya TikTok pa akaunti yanu wamba, makampaniwa anazilipirira kuti anthu azisangalala nazo, osati azitsatsira malonda. N'chifukwa chake mukasintha akaunti ya TikTok kukhala ya bizinesi, nyimbo zambiri zotchuka zimasowa. Foni siinaonongeke ayi, ndi layisensi ikugwira ntchito. Chimodzimodzinso nyimbo zopezeka mu CapCut: kupezeka kwake mu pulogalamuyo si umboni woti mungapite nazo pa YouTube kapena pa malonda a kasitomala.

Maganizo achitatu ndi kufufuza nyimbo zomwe zili pansi pa Creative Commons. Apa ndi pomwe pali njira yabwino, komanso pomwe pamafunika maso.

Zilembo zinayi za Creative Commons

Creative Commons ndi bungwe lomwe linayamba mu 2001 ku America, ndipo linalemba malayisensi okonzeratu omwe woimba aliyense angaike pa ntchito yake. Omwe akugwiritsidwa ntchito kwambiri pano ndi a 4.0, omwe anatuluka mu 2013. Pa masamba ngati Free Music Archive, pafupi ndi nyimbo iliyonse mumaona tizilembo. Tizilemboti ndiye layisensiyo.

BY imatanthauza kuti tchulani mwini wake. Nyimbo ikakhala CC BY yokha, mukhoza kuidula, kuiika mu vidiyo, kupangira ndalama, pa tsamba lililonse, bola mulembe dzina la mwini moyenera.

NC imatanthauza kuti osapangira malonda. Vidiyo ya shopu ya mbewu ija yagwa pomwepo. Anthu ena amati, "Koma ine tsamba langa silindilipira." Layisensi siyang'ana kuti ndani wakulipirani, imayang'ana cholinga cha ntchitoyo. Ngati cholinga n'chakuti shopu igulitse kapena inu mulandire malipiro, NC yakukanani.

ND imatanthauza kuti osasintha. Ambiri amaganiza kuti akaika nyimbo yonse osaidula ndiye kuti sanaisinthe. Koma layisensi ya 4.0 inanena mosabisa kuti kulumikiza nyimbo ndi zithunzi zoyenda kumawerengedwa ngati kupanga chinthu chatsopano kuchokera ku nyimboyo. Ndiye nyimbo ya ND siilowa mu vidiyo yomwe muionetse anthu, kaya ndi yamalonda kaya ndi yongocheza.

SA imatanthauza kuti chomwe mwapanga muchigawenso pa layisensi yomweyo. Malonda imalola, koma vidiyo yanu nayo ikhala yoti wina aliyense akhoza kuitenga, kuisintha ndi kuigwiritsa ntchito, bola akutchuleni. Mayi a shopu aja sangakondwe kuona zithunzi zomwe analipira zikugwiritsidwa ntchito ndi wina. Pa ntchito ya kasitomala, ine SA ndimaisiya.

Palinso CC0, yomwe mwini wake amakhala wasiya umwini wonse momwe lamulo lingalolere. Imeneyi siifuna ngakhale kutchula dzina.

Ndiye pa ntchito yathu ija, zotsala ndi ziwiri: CC BY ndi CC0. Mukangoona NC kapena ND, pitirirani.

Tasankha nyimbo, nanga dzina tilemba bwanji

Tiyeni titenge nyimbo ya Kevin MacLeod, wa ku America, amene nyimbo zake zili pa incompetech.com pansi pa CC BY 4.0. Mwina dzinali simukulidziwa, koma nyimbo yake ya Monkeys Spinning Monkeys munaimvapo kambirimbiri m'mavidiyo oseketsa a pa TikTok. Pa shopu ya mbewu tisankhe ina yotchedwa Carefree. Mafunso aja: malo aliwonse, inde. Malonda, inde. Chofunika, kutchula mwini.

Kutchula koyenera kumakhala ndi zinthu zinayi: dzina la nyimbo, dzina la mwini, komwe mwaitenga, ndi layisensi yake. Tsambalo limakupatsani mawu oti mukopere, omwe amaoneka motere:

```
"Carefree" Kevin MacLeod (incompetech.com)
Licensed under Creative Commons: By Attribution 4.0 License
http://creativecommons.org/licenses/by/4.0/
```

Popeza vidiyo yathu ndi ya masekondi 60 ndipo nyimbo taidula, layisensi imafunanso kuti tinene kuti tasintha. Mzere umodzi woti "Nyimboyi yafupikitsidwa" ndi wokwanira. Kungolemba kuti "ulemu kwa mwini nyimbo" kapena "nyimbo si yanga" sikutchula ayi, chifukwa palibe amene angamudziwe mwiniyo kuchokera pa mawu amenewo.

Tsopano apa pali chinthu chomwe chimatikhudza ife kwambiri kuposa anzathu akunja. Kwathu kuno vidiyo imayenda pa WhatsApp, pa Bluetooth ndi pa memori khadi. Mawu omwe mwalemba pansi pa vidiyo pa Facebook sayenda nawo. Mayi aja akangoitumiza ku gulu la alimi, dzina la mwini nyimbo latsala. Njira yake ndi kulemba mawuwo m'kati mwa vidiyo momwemo, masekondi atatu kapena anayi omaliza, ndi zilembo zoti munthu awerenge pa foni yaing'ono. Kenako muwalembenso pansi pa vidiyo paliponse pomwe mwaponya. Muwauzenso mayiwo kuti mapetowo asadule.

Mukaiwala kutchula, ndiye kuti mwaphwanya layisensi ndipo chilolezo chanu chimatha. Koma 4.0 ili ndi chifundo pang'ono: mukakonza pasanathe masiku 30 kuchokera pomwe mwazindikira, chilolezo chimabwerera chokha.

Ngati kasitomala sakufuna dzina la munthu wina pa vidiyo yake, yang'anani pa Pixabay. Layisensi yawo imalola malonda ndipo siikakamiza kutchula dzina. Chomwe imaletsa ndi kutenga nyimboyo payokha n'kumaigulitsa kapena kuigawa ngati yanu. Koma dziwani kuti nyimbo zina za pamenepo eni ake anazilembetsa ku makina a YouTube ozindikira nyimbo, ndipo tsambalo limaonetsa zimenezi. Mukasankha yotero, tsitsaninso satifiketi ya layisensi yomwe amapereka, chifukwa mudzaifuna.

Kwa amene vidiyo zawo zimathera pa YouTube pokha, njira yosavuta ndi Audio Library yomwe ili mu YouTube Studio. Pa foni, tsegulani studio.youtube.com mu Chrome n'kusankha Desktop site. Nyimbo iliyonse imaonetsa ngati ikufuna kutchula mwini kapena ayi, ndipo mukhoza kusefa posankha Attribution not required. Zomwe zalembedwa Creative Commons mukhoza kupita nazo kwina potsata malamulo a BY aja. Zinazo ndi bwino kuzisiya pa YouTube pomwepo.

Timaphokoso: mvula ndi tambala

Timaphokoso tating'ono timapeputsidwa, koma tili ndi eni ake ngati nyimbo. Tsamba lodziwika ndi Freesound, lomwe linayambitsidwa mu 2005 ndi gulu la pa yunivesite ya Pompeu Fabra ku Barcelona. Vuto la pamenepo ndi lakuti aliyense amene waikapo phokoso amasankha yekha layisensi. Mukafufuza mvula, phokoso loyamba likhoza kukhala CC0, lachiwiri BY, lachitatu BY-NC, onse pa mndandanda umodzi. Musanamvere n'komwe, sefani kuti mutsale ndi Creative Commons 0 okha. Mukatero simudzavutika kulemba mayina asanu kumapeto kwa vidiyo ya mphindi imodzi.

BBC nayo inatsegula nkhokwe yake ya maphokoso masauzande ambiri kuti anthu atsitse ulere, koma chilolezo chaulerecho ndi cha ntchito zaumwini, zamaphunziro ndi zakafukufuku. Pa malonda muyenera kugula. Ndiye shopu yathu ija ilibe gawo pamenepo.

Koma kunena zoona, mvula ndi tambala n'zosowa pa Mitundu? Phokoso lomwe mwajambula nokha ndi lanu, ndipo limamveka lakwathu. Mvula ya pa denga la malata, belu la njinga ya kabaza, chigayo, ngolo ikudutsa, zonsezi foni yanu ikhoza kugwira. Yandikizani foni pafupi ndi chomwe chikusokosacho, itchingireni mphepo, ndipo jambulani masekondi osachepera 30 kuti mukhale ndi podula.

Pojambula pamsika samalani chinthu chimodzi. Pa Mitundu tsiku la msika, masipika a oberna nyimbo ndi a m'mashopu amakhala akulira mbali zonse. Nyimbo yomwe yalowa kumbuyo mwangozi makina amaigwira chimodzimodzi ngati mwaiika dala. Mukamva kuti mungathe kuitchula dzina nyimbo yomwe ikumveka, makinanso akhoza kuizindikira. Sunthani, dikirani ithe, kapena jambulani zithunzi zokha n'kudzaika mawu pambuyo.

Nanga ng'oma za gule ndi nyimbo zamakolo? Ambiri amaganiza kuti popeza wopeka sadziwika, ndi za aliyense. Lamulo lathu silitero. Limaika umwini wa zachikhalidwe zamakolo m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo umwini umenewu suutha. Pa ntchito yamalonda, funsani a COSOMA kaye. Komanso kuno ndi kwa Achewa, tonse tikudziwa kuti Gule Wamkulu sungangomujambula n'kumutsatsira feteleza osalankhula ndi amfumu ndi eni dambwe.

Sungani umboni tsiku lomwelo

Masamba amasintha malamulo, oimba amachotsa nyimbo, ena amazigulitsa ku makampani. Layisensi ya Creative Commons siibwezedwa: ngati munatenga nyimbo ili CC BY, mwini sangadzakulandeni chilolezo pambuyo pake. Koma ndi inu amene muyenera kuonetsa kuti tsiku limenelo inali CC BY.

Ndiye pa ntchito iliyonse sungani zinthu zinayi: chithunzi cha sikirini choonetsa dzina la nyimbo ndi layisensi pamodzi, linki ya tsambalo, fayilo yeniyeni osasintha dzina, ndi satifiketi kapena lisiti ngati zilipo. Mukatero dzitumizireni pa imelo. Foni zimabedwa, zimagwera m'madzi, zimafulashidwa, koma imelo imakhalabe ndipo imasunga deti yokha. Ntchito yonseyi siikwana mphindi zisanu.

Chifukwa chomwechi, pewani kutsitsa nyimbo pa matchanelo a YouTube omwe amangolemba No Copyright Music pamutu, kapena kulandira mafayilo m'magulu a WhatsApp ndi Telegram. Amene wakupatsaniyo kawirikawiri si mwini, ndipo munthu sangakupatse chilolezo chomwe iye alibe. Tsatani nyimbo mpaka pa tsamba la mwini wake. Ngati simukupeza pomwe layisensi yalembedwa, itengeni ngati yoletsedwa. Paja safunsa anadya phula.

Za masamba olipira mwezi ndi mwezi, ngati Epidemic Sound, dziwani lamulo limodzi. Mavidiyo omwe mwaponya nthawi yomwe mukulipira amakhala otetezedwa ngakhale mutasiya, koma nyimbo zomwe zatsala mu foni simungaziike mu vidiyo yatsopano mutasiya kulipira. Komanso pulani yotsika mtengo imakhala ya matchanelo anu okha, ntchito ya kasitomala imafuna pulani ina.

Zikavuta ngakhale munatsata zonse

YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID, omwe anayamba mu 2007. Amafananiza mawu a mu vidiyo yanu ndi nyimbo zomwe eni ake analembetsa. Makinawa samawerenga layisensi yanu, amangomva kufanana. N'chifukwa chake munthu wosalakwa naye amagwidwa. Mukamaponya vidiyo, pali gawo lotchedwa Checks lomwe limakuuzani msanga. Ine ndimayamba ndaika vidiyo pa Unlisted, ndione ngati pali vuto, ndisanaionetse kasitomala kapena gulu.

Siyanitsani zinthu ziwiri. Copyright claim imachokera ku makina aja, ndipo imakhudza vidiyo imodziyo: mwini nyimbo akhoza kutenga ndalama za malonda omwe akuoneka pa vidiyoyo, kuitseka m'mayiko ena kapena onse, kapena kungoitsatira. Tchanelo chanu sichilangidwa. Copyright strike ndi yoopsa. Imabwera mwini akapempha mwalamulo kuti vidiyo ichotsedwe. Imakhala masiku 90, ndipo zikakwana zitatu tchanelo chikhoza kutsekedwa, mavidiyo onse n'kupita.

Ikabwera yoyambayo pa vidiyo ya shopu ija, tsegulani muone nyimbo yomwe yatchulidwa ndi masekondi ake. Ngati ndi nyimbo ya sipika ya pamsika, makina sanalakwe, dulani gawolo kapena litsekeni mawu pogwiritsa ntchito zida zomwe YouTube Studio imapereka pomwepo. Ngati ndi nyimbo yomwe muli nayo layisensi, sankhani Dispute, nenani kuti muli ndi chilolezo, ndipo lembani dzina la nyimbo, linki, mtundu wa layisensi ndi deti lomwe munatsitsa. Wodandaulayo amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe, akapanda kuyankha nkhani imatha. Koma musatsutse mwamatama mulibe umboni, chifukwa mukalimbikira, mwini akhoza kupempha kuti vidiyo ichotsedwe, n'kukhala kuti mwadziitanira chilango chachikulu chija. Pa Facebook ndi TikTok, chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kutseka mawu kapena kuchotsa vidiyo, ndipo umboni wofunika ndi womwewo.

Pali nkhani zingapo zomwe zimayenda pakati pathu zomwe si zoona. Palibe lamulo loti masekondi 10 kapena 30 ndi aulere. Kulemba No copyright intended sikupereka chilolezo. Kufulumizitsa nyimbo kuti makina asaizindikire sikusintha mwini wake. Ndipo kuti vidiyo yadutsa osagwidwa lero sizitanthauza kuti ili bwino, chifukwa mwini akalembetsa nyimboyo chaka chamawa, makina amabwerera ku mavidiyo akale.

Biti ya mnzanu wa pa situdiyo

Njira ina yabwino ndi kugula biti kwa mnyamata wa situdiyo ya pafupi. Ndalama imatsala kwathu konkuno, ndipo nyimboyo imamveka yathu. Koma pangano la pakamwa silithandiza tsiku lomwe mwayambana, kapena iye akagulitsa biti yomweyo kwa woimba amene akailembetse ku makina aja. Lembani pa pepala, nonse musayine, aliyense asunge chithunzi chake.

Pepalalo linene mayina anu, dzina la biti, ndalama zomwe mwalipira, masamba omwe muikepo, ngati malonda a makasitomala akuloledwa, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati bitiyo ndi yanu nokha kapena akhoza kugulitsanso kwa ena. Muonjezere mizere iwiri: kuti iye akutsimikiza kuti sanatengemo zidutswa za nyimbo za ena popanda chilolezo, ndi kuti bitiyo ikadzalembetsedwa ku Content ID adzachotsa chidandaulo chilichonse pa mavidiyo anu. Mufunseninso komwe anaitenga. Mabiti ambiri olembedwa Free pa YouTube, mukawerenga pansi, amanena kuti ndi aulere pa ntchito zosapangira ndalama zokha.

Ndiye vidiyo ya mayi a pa Nathenje ija yatha motere: nyimbo ya CC BY yokhala ndi dzina la mwini m'masekondi omaliza, mvula yojambula nokha pa malata, tambala wa CC0, ndi imelo imodzi yosunga umboni. Popereka fayilo, apatseninso mawu otchula mwini aja ndipo muwauze kuti akafuna kukaiika pa wayilesi kapena pa kanema, akuuzeni kaye kuti muonenso layisensi. Akadzabwera ndi ntchito ina, muyambirenso mafunso atatu aja, chifukwa nyimbo yomwe inali yololedwa pa vidiyo iyi siikhala yololedwa pa iliyonse.